Chilonda cha Pamlomo Chisalowe m'Chikuta

Inu amene mumatimvera ku Ulongwe, ku Domwe, ku Kalomwe, ku Tsangano ndi midzi yonse ya m'malire mpaka tsidya la Dedza ndi Ntcheu, mukuidziwa mphepo ya Juni ndi Julaye kuno kumapiri. Imaumitsa khungu, imang'amba milomo, ndipo ikangoyamba mudzaona anthu pamsika, kutchalitchi ngakhale pachigayo ali ndi kachilonda m'mphepete mwa mlomo. Kamayamba ngati timatuza tamadzi tounjikana pamodzi, kenaka kamaphulika, n'kuuma, n'kuchita nkhanambo. Palibe amene amapita nako kuchipatala. Ena amati ndi malungo akutuluka, ena amati ndi mphepo chabe, ndipo pakatha sabata imodzi kapena ziwiri kamapola kokha.

Kwa munthu wamkulu wathanzi, n'zoonadi kuti kachilondaka n'kosaopsa. Koma kwa khanda limene silinakwanitse masabata 6 kangathe kupha, kapena kulisiya lolumala ubongo moyo wake wonse. Maganizo anga ndi akuti mwambo wathu wa chikuta, umene umateteza mayi ndi mwana m'masiku oyamba, uli ndi mpata umodzi umene tiyenera kutseka. Timaletsa anthu ena kulowa ndi kugwira mwana, koma agogo kapena azakhali amene ali ndi chilonda pamlomo timawalola kumunyamula ndi kumuyandikiza kukamwa. Ndikufuna ndikufotokozereni chifukwa chake zimenezi ziyenera kusintha.

Chimene chimabweretsa chilondachi si mphepo ndiponso si malungo. Ndi kachilombo ka mtundu wa vairasi kotchedwa hepisi. Ambiri tinakatenga tili ana, kwa makolo athu, abale athu kapena anzathu osewera nawo, kudzera m'malovu ndi kukhudzana pakamwa. Bungwe Loona za Umoyo pa Dziko Lonse limati mwa anthu atatu alionse osafika zaka 50, pafupifupi awiri ali nako. Choncho si matenda a anthu auve kapena achiwerewere, ndipo palibe chochitira manyazi. Pa nthawi imene kanalowa koyamba, ena sanamve chilichonse. Ena, makamaka ana a chaka chimodzi mpaka zisanu, anatentha thupi, nkhama zinatupa, m'kamwa munadzaza zilonda, ankatuluka dovu ndi kukana phala kwa sabata yathunthu. Amayi ambiri mukuwakumbukira matenda amenewa.

Zilondazo zikapola, kachilomboka sikachoka m'thupi. Kamakwera motsata mtsempha umene umatithandiza kumva kukhudza ndi kuwawa kunkhope, n'kukabisala pamfundo ya mtsemphawo mkati mwa mutu, chakufupi ndi khutu. Kumeneko kamagona, ndipo palibe mankhwala, achizungu kapena achikuda, amene angakachotseko. Chitetezo cha m'thupi chimakalondera ngati mlonda wa pamunda. Mlondayo akatanganidwa kapena akafooka, kachilombo kamadzuka, n'kutsika ndi mtsempha womwe uja mpaka pamlomo. N'chifukwa chake chilonda chanu chimabwerera pamalo amodzimodzi chaka ndi chaka. Simunachitengenso kwa munthu wina ayi, ndi chanu chakale chija.

Tsono chimene chimakadzutsa n'chiyani? Amene amati ndi malungo akutuluka sanalakwitse kwenikweni, anangosokoneza chiyambi ndi chotsatira. Kutentha thupi kwa mtundu uliwonse, kaya ndi malungo, chimfine kapena chibayo, kumadzutsa kachilomboka. Munthu wa kuno kozizira akatsikira ku Tete kapena kuchigwa kukagulitsa mbatatesi, n'kubwerako ndi malungo, kawirikawiri chilonda chimatuluka thupi litatentha masiku angapo. Apa chenjerani: kutuluka kwa chilonda sikutanthauza kuti malungo atha. Ngati thupi likutenthabe, kayezetseni magazi, ndipo ngati munapatsidwa mankhwala a malungo amalizeni onse.

Chachiwiri ndi dzuwa, ndipo ichi ambiri sachidziwa. Kuno tili pamwamba, ndipo pamalo okwera kuwala kwa dzuwa kumawotcha khungu kwambiri ngakhale kunja kukuzizira. Munthu amene watha tsiku lonse akukumba mbatatesi, akuthirira kudimba kapena akupalasa njinga kupita ku Lizulu, mlomo wake wam'munsi wakhala ukupsa iye osadziwa. Mu 1991 madokotala a ku America anayesa zimenezi pa anthu 38 amene ankavutika ndi chilondachi kawirikawiri. Atawaunika milomo ndi kuwala kofanana ndi kwa dzuwa, anthu 27 anatuluka zilonda. Atawaunikanso koma atadzola mafuta otchinga dzuwa pamilomo, palibe amene anatuluka chilonda. Mafuta otere sapezeka m'magolosale a kumudzi, koma chipewa cha khonde lalikulu chimapezeka, ndipo chimathandiza kuposa kapusi imene imasiya mlomo wam'munsi pamtunda. Vaselini ndi wabwino poletsa milomo kung'ambika ndi mphepo, koma dzuwa salitchinga.

Zina zimene zimakadzutsa ndi kusagona, nkhawa, kutopa kwambiri, kuchotsa dzino, ndipo kwa amayi ena masiku oyandikira kusamba. Maliro amaphatikiza zambiri mwa zimenezi nthawi imodzi: mwagona panja masiku awiri, mphepo yakuombani, chisoni chakugwirani, mwabwerako ndi chimfine. Musadabwe chilonda chikatuluka patapita masiku awiri kapena atatu. Munthu aliyense ali ndi zake zimene zimamudzutsira, ndipo mukakumbukira nthawi zitatu zapitazi pamene chinatuluka, mudzaona nokha chimene chinatsogola.

Pali chinthu chimodzi chimene sindikufuna mulumphe. Chilonda cha pamlomo chimayenera kupola pasanathe masabata awiri. Ngati chanu chatha mwezi osapola, chikukula, kapena chikubwera motsatizana kuposa kale, mwina chitetezo cha m'thupi chatsika. Pitani mukayezetse kachilombo koyambitsa Edzi. Ngati muli kale pa mankhwala otalikitsa moyo, kawauzeni a kuchipatala kuti aone ngati mankhwalawo akugwira bwino ntchito.

Tsopano tibwere kwa mwana, pakuti nkhani yagona pamenepo. Mwa inu ndi ine, kachilomboka kamathera pamlomo chifukwa thupi limakadziwa ndipo limakatsekereza. Khanda la masiku ochepa lilibe mphamvu imeneyo. Kachilombo kakalowa pakhungu lake, m'diso kapena m'kamwa, kamatha kuyenda ndi magazi mpaka kuchiwindi, kumapapo ndi kuubongo. Madokotala amaona matendawa m'njira zitatu. Pena amakhala pakhungu, m'maso ndi m'kamwa mokha, pena amagwira ubongo, pena amafalikira thupi lonse. Akafalikira thupi lonse ndipo mwana osalandira mankhwala, ana oposa 8 mwa 10 amamwalira. Ngakhale ndi mankhwala, pafupifupi 3 mwa 10 amamwalirabe. Amene anagwidwa ubongo ambiri amapulumuka, koma ochuluka amatsala ndi khunyu kapena amachedwa kukhala, kuyenda ndi kuyankhula.

Ndinene mosabisa kuti matendawa sachitikachitika. Pa dziko lonse akatswiri amayerekeza kuti amagwira ana pafupifupi 10 mwa ana 100,000 obadwa, ndipo ambiri mwa amenewa amatenga kachilombo pobadwa, kuchokera kunjira ya mayi. Otenga atabadwa kale, kwa munthu amene anawapsompsona kapena kuwagwira, ndi pafupifupi mmodzi mwa 10. Wina anganene kuti ngati n'zosowa chonchi, tivutikiranji, pamene malungo, chibayo ndi kutsegula m'mimba zikutha ana athu tsiku ndi tsiku? Yankho langa ndi lakuti matenda enawo amafuna maneti, katemera ndi madzi abwino, koma awa amangofuna kuti munthu mmodzi adziletse kwa masiku khumi. Safuna metikali kapena kwacha ngakhale imodzi. Ndiponso kuno kwathu, kumene mankhwala ake sapezeka pachipatala chilichonse, kupewa ndiye chithandizo chenicheni chimene tili nacho m'manja.

Ena a inu mukuti kupsompsona mwana ndi za m'tauni, ife kumudzi sitichita. Mwina n'zoona kwa ena, ngakhale masiku ano achinyamata akuchita kwambiri. Koma taganizirani njira zina zimene pakamwa pathu pamafikira mwana. Mphuno za khanda zikatsekeka, mayi kapena agogo amayamwa mamina ndi pakamwa. Diso likachita manthongo, timanyowetsa chala kapena nsonga ya chitenje ndi malovu n'kupukuta. Timamuuzira kumaso, timaika tizala take m'kamwa mwathu pomuseweretsa. Pali mankhwala ena achikuda amene amatafunidwa kaye n'kulavuliridwa pa mwana kapena kupakidwa pamchombo ndi paliwombo. Akakula pang'ono timalawa phala ndi supuni yomwe timudyetsere, ndipo timamutafunira nyama kapena mtedza. Zonsezi timachita mwachikondi, ndipo zonsezi zimanyamula malovu.

Kuti muone kuti pakamwa pokha pamakwanira, mverani za ku New York, ku America. Kumeneko kuli gulu lina lachipembedzo limene pochita mdulidwe wa khanda lalimuna, wodulayo amayamwa magazi a pabala ndi pakamwa. Akuluakulu a zaumoyo anapeza kuti pakati pa 2000 ndi 2011, makanda 11 anadwala hepisi atachitidwa zimenezi, ndipo awiri anamwalira, mumzinda wa zipatala zazikulu. Anthu amenewo sankafuna kupweteka ana, ankatsata mwambo wa makolo awo monga ife timatsatira wathu.

Tiyeni tiyerekeze nyumba imodzi, kuti muone mmene masiku amayendera. Mtsikana wachira mwana wake woyamba Lolemba, ndipo watuluka kuchipatala ali bwino. Apongozi ake anali kumaliro tsidya lina, abwerako Lachinayi ali ndi chimfine. Loweruka m'mawa akumva kuyabwa ndi kutentha pamlomo wapamwamba, ngati nyerere ikuyendapo. Palibe chooneka, koma kachilombo kafika kale pakhungu, ndipo kuyambira nthawi imeneyo angathe kupatsira. Lamulungu timatuza tatuluka, ndipo tsiku lomwelo mchombo wa mwana wagwa, abale asonkhana kudzamuona. Agogo amusambitsa mdzukulu wawo, amupsompsona patsaya, ndipo poona kadiso kakuchita manthongo apukuta ndi chala chamalovu. Madzi a m'timatuza timeneto ndi amene amakhala ndi tizilombo tochuluka kuposa nthawi ina iliyonse.

Lolemba, Lachiwiri, Lachitatu, mwana ali bwinobwino. Apa ndi pamene anthu amasokonezekera, chifukwa matendawa amabisala masiku awiri mpaka 12 asanaonekere. Pofika Loweruka lotsatira, mwana ali ndi masiku 12, chilonda cha agogo chauma ndipo palibe akuchikumbukira. Mayi akuona kuti mwana akuyamwa mwaulesi, akugona kwambiri, ndipo akamudzutsa akungolira pang'ono n'kugonanso. Lamulungu patuluka timatuza titatu pansi pa diso, tounjikana pamalo ofiira, ndipo thupi likutentha pang'ono. Azakhali akuti ndi zotupa za thukuta chifukwa mwamufunditsa kwambiri. Wina akuti alipo amene sanadzisunge m'nyumba muno, ndi tsempho, tifune mankhwala. Abambo ake a mwana akuti tidikire mawa, lero kulibe njinga yamoto.

Njira ziwiri zimasiyanira pamenepo. Mwana akafika kuchipatala Lamulungu lomwelo, mwina matenda akadali pakhungu pokha, ndipo akalandira mankhwala ana otere pafupifupi onse amachira. Akadikira mpaka Lachitatu, pamene wasiyiratu kuyamwa, akupuma mofulumira kapena wayamba kukomoka ndi kugwedezeka, ndiye kuti kachilombo kafika kale kuubongo kapena kuchiwindi. Mankhwala ake ndi asikilovira wa m'diripi, wopatsidwa maola 8 alionse, kwa masiku 14 ngati ndi pakhungu pokha, ndi masiku 21 ngati wafika mkati. Mapiritsi kapena mafuta opaka sakwanira kwa khanda. Choncho mwana wotere amayenera kugonekedwa pachipatala chachikulu, ndipo a pachipatala chaching'ono akakuuzani kuti mupitirire ku Ulongwe, ku Tete, ku Dedza kapena ku Ntcheu, musabwerere kunyumba kukakambirana kaye.

Musadikire matuza kuti mukhulupirire. Ana ambiri amene matendawa awagwira mkati satuluka matuza n'komwe. Khanda losakwana miyezi iwiri likakana bere, likalefuka, likatentha kufika madigiri 37.5 kapena kuposa, likazizira modabwitsa, likamapuma ka 60 kapena kuposa pa mphindi imodzi, kapena likakomoka, limeneli ndi la kuchipatala tsiku lomwelo, usiku kapena usana, kumene kuli pafupi. Zizindikirozi zimafanana ndi za matenda ena a m'magazi a makanda, ndipo adokotala poyamba amaganiza za amenewo n'kupereka jakisoni wa mankhwala opha mabakiteriya, amene sagwira vairasi. N'chifukwa chake mawu anu ndi ofunika. Auzeni anamwino kuti, “Masiku apitawa munthu wa chilonda pamlomo anamupsompsona mwanayu.” Si kuneneza apongozi kumeneko. Ndi kuwapatsa adokotala poyambira pamene sakanapadziwa okha.

Tibwerere Loweruka lija, pamene agogo anangomva kuyabwa. Akanachita chiyani? Sindikunena kuti akanathamangitsidwa pakhomo. Ntchito ya agogo pachikuta ndi yambiri: kuphika phala la mayi, kutunga madzi, kuchapa matewera, kulangiza. Zonsezi akanapitiriza. Chimene akanasiya ndi kuyandikiza pakamwa pawo kwa mwana, ndipo kusambitsa akanapatsa munthu wina mpaka nkhanambo itagwa ndi khungu la pamlomo litabwerera mwakale, amene ndi masiku 7 mpaka 10, pena masabata awiri. Ngati palibe wina woti n'kunyamula mwana, asambe m'manja ndi sopo kaye, aphimbe pakamwa ndi masiki kapena kansalu koyera monga tinkachitira nthawi ya mliri wa korona mu 2020, ndipo asamagwiregwire chilondacho. Dzanja limapita pamlomo woyabwa mwini wake osadziwa, kenaka dzanja lomwelo lipita kumaso kwa mwana.

Kanthu kena kakang'ono kamene ndimakaona m'nyumba zambiri ndi botolo la vaselini. Limakhala limodzi la banja lonse. Wa chilonda apisamo chala, apaka pamlomo, apisanso kachiwiri, ndipo madzulo mwana akasamba adzozedwa vaselini yemweyo thupi lonse. Njira imeneyi si yoopsa ngati kupsompsona, pakuti kachilomboka sikakhalitsa kunja kwa thupi, koma kuitseka n'kosavuta. Mwana akhale ndi kabotolo kake, kansalu kake kosambira ndi kopukutira. Wa chilonda atapeko mafuta ake pakachivindikiro padera, ndipo kapu ndi supuni yake zitsukidwe ndi sopo asanagwiritse wina.

Ndikudziwa kuti chovuta si kumvetsa, chovuta ndi kunena. Mtengwa wa zaka 19 angawauze bwanji apongozi ake kuti musamugwire mwanayu? Kwathu kuno zimenezo zimamveka ngati mwano, kapena ngati ukuwaganizira zoipa. N'chifukwa chake ndikuti katundu ameneyu asasenzedwe ndi mayi wa mwana. Inu abambo, amayi anuwo auzeni ndinu, ndipo auzeni mwana asanabadwe, pamene palibe amene ali ndi chilonda ndipo palibe amene angadzione kuti akulozedwa chala. Mungathe kunena kuti, “Amayi, a kuchipatala atilangiza kuti mpaka masabata 6 aliyense asamupsompsone kumaso, ndipo amene ali ndi chilonda pamlomo ayambe wapola.” Lamulo likakhala la aliyense silinyoza munthu. Ndipo inu agogo, anamkungwi ndi amayi a mvano amene mumalangiza atsikana, mawu anu ndi amene amamveka m'chikuta kuposa a wailesi. Munthu wamkulu akanena yekha kuti, “Mdzukulu wanga ndimuonera patali lero, ndili ndi chilonda,” nyumba yonse imaphunzira popanda wokhumudwa.

Mwina mukufunsa chifukwa chimene ndikuletsera aliyense, ngakhale wopanda chilonda. Kachilomboka nthawi zina kamatsikira m'malovu popanda chilonda kapena kuyabwa kulikonse. Masiku otere tizilombo timakhala tochepa, koma mwini wake sangadziwe kuti ndi lero. Choncho m'masabata 6 oyamba, malovu a munthu aliyense asafike pakamwa, m'maso, m'mphuno kapena pamchombo pa mwana. Manthongo apukuteni ndi kansalu koyera konyowetsa m'madzi owiritsa amene azizira. Mphuno zikatsekeka kafunseni anamwino akuonetseni njira yotsegulira yosagwiritsa pakamwa. Ana anzake a m'nyumba musawaiwale, chifukwa kamwana ka zaka zitatu kamene kali ndi zilonda m'kamwa ndi dovu ndiko kamathamangira kupsompsona mng'ono wake.

Nanga chilonda chikatuluka pa mayi woyamwitsa? Zimachitika kawirikawiri, poti kubereka n'kotopetsa ndipo tulo timasowa. Mayi, musasiye kuyamwitsa. Kachilomboka sikayenda mumkaka, ndipo kumulanda mwana bere kungamuike pangozi yaikulu kuposa chilondacho. Ngati chilonda chanu n'chakale chimene chimabwerabwera, thupi lanu linapanga kale asilikali olimbana nacho ndipo ena munamupatsa mwana ali m'mimba. Zimenezi zimamuteteza pang'ono, koma osati kotheratu, choncho sambani m'manja musanamugwire, phimbani pakamwa poyamwitsa, ndipo musamupsompsone mpaka mutapola. Pokhapokha matuza akatuluka pabere penipeni, bere limenelo musamupatse. Muyamwitseni linalo, lodwalalo muziliphimba ndi kulifinya n'kutaya mkakawo kuti lisatupe, ndipo pitani kuchipatala. Mwana amene ali pangozi yaikulu ndi amene mayi ake sanakhalepo ndi kachilomboka, chifukwa sanalandire chitetezo chilichonse, komanso wobadwa masiku asanakwane.

Abambo, pali nkhani ina imene ndiinene mwaulemu koma momveka, chifukwa ana ambiri amatengera njira imeneyi. Kachilombo ka pamlomo kangathe kusamukira kumalo obisika a mkazi ngati pakamwa pafika kumeneko pocheza m'banja. Mayi woyembekezera akakatenga koyamba m'miyezi itatu yomaliza, thupi lake silikhala ndi nthawi yopanga chitetezo choti apatse mwana, ndipo akakatenga pafupi ndi kuchira, ana 3 mpaka 5 mwa 10 amakatenga pobadwa. Kwa mayi amene anali nako kuyambira kale, ndi mwana wosakwana mmodzi mwa 100. Choncho akazi anu akakhala ndi pathupi, makamaka kumapeto, pakamwa panu pasafike kumeneko, muli ndi chilonda kapena ayi. Ndipo inu mayi, mukaona matuza kapena zilonda zowawa kumalo obisika muli ndi pathupi, auzeni a kusikelo msanga, ndiponso auzeni azamba a kuchipatala tsiku lochira. Pali mapiritsi amene amaperekedwa m'masabata omaliza, ndipo pena adokotala amasankha opaleshoni kuti mwana asadutse pazilondapo.

Za kuchiza chilonda cha munthu wamkulu sinditayapo nthawi yambiri, poti palibe chodabwitsa. Mafuta a asikilovira, opakidwa kasanu pa tsiku kwa masiku asanu, amafupikitsa chilonda ndi tsiku limodzi kapena kucheperapo, ndipo amatero mukayamba pa kuyabwa kuja matuza asanatuluke. Mukayamba nkhanambo itachita kale, mwangotaya ndalama. Amene chimawavuta kambirimbiri pa chaka, kapena amene chitetezo chawo n'chotsika, akaonane ndi adokotala za mapiritsi. Makapusozi a pamsika amene ena amatsegula n'kuthira ufa wake pachilonda sagwira vairasi. Kachasu, mchere, phulusa ndi mankhwala otsukira mano zimangowotcha khungu ndi kuchedwetsa kupola, ndipo mafuta oyeretsa khungu angathe kuchikulitsa. Musachiboole, musatong'ole nkhanambo, ndipo mukachigwira musatikite m'maso. Diso likafiira, kuwawa ndi kuopa kuwala pamene muli ndi chilondachi, pitani kuchipatala, chifukwa kachilomboka kamatha kusiya ng'ala.

Si chilonda chilichonse cha pakamwa chimene chili cha hepisi. Ming'alu ya m'ngodya za pakamwa, zoyera ngati mkaka palilime la khanda, kapena kachilonda kamodzi kozungulira mkati mwa tsaya, zimenezo ndi zina. Chathuchi muchizindikire ndi kuyabwa koyambirira, timatuza tounjikana pamalire a mlomo ndi khungu, ndi kubwerera pamalo ake akale. Koma mukakhala pakhomo la chikuta si nthawi yoti muziyesa udokotala pamlomo panu. Mukakayika, chitengeni ngati ndi chomwecho, perekani mphatso yanu kwa amene akulandira alendo, mumuone mwana ali m'manja mwa mayi ake, ndipo mudzabwerenso kudzamunyamula mlomo ukapola.